Liwu Limodzi la Chithai pa Maliro a Amuna Anga

Ndinadzuka kusanache tsiku limene tinaika amuna anga. Ndikuti kudzuka, koma sindikudziwa ngati ndinagona n'komwe. Ndinali pamatiresi pabalaza m'nyumba yathu ya ku Wheaton, kuno kwa Amereka, nditatsamira khoma, amayi atagona mondizungulira ngati matumba a chimanga. Mipando yonse anali ataitulutsa kuti pasiwa pakhale malo. Nyimbo zinali zitatha, patatsala mayi mmodzi wa ku Chipata amene ankang'ung'udza chapansipansi maso ali chitsinzire. Abambo anali kuchipinda chapansi. Kwathu akanachezera panja pamoto, koma unali mwezi wa February, ndipo kuzizira kwa kuno sikudziwa mwambo wa munthu.

Sindinkamva chilichonse. Ndanena msanga kuti wina asayembekezere misozi yambiri m'nkhaniyi. Ndinali nditalira miyezi yonse imene khansa ya m'mimba inkawadya a Fanuel, ndipo pofika tsikulo ndinali nditauma. Ndinangoyang'ana pawindo n'kuona kuti m'galaja mwayaka kale. Amayi ophika anali atatsegula chitseko chake chachikulu, atayatsa mbaula zamakala pakhomo, akutsuka mpunga ndi kudula nkhuku atavala magolovesi a ubweya. Mzungu woyandikana nafe, amene zaka zonsezo sitinkapitirira moni, anawoloka kapinga atavala masilipasi, atanyamula ketulo ya khofi.

M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, ndipo sichinali bokosi kapena manda. Anali mawu amene amuna anga anandiuza kuchipatala akadali ndi mphamvu zolankhula. Anati, "Amayi a Tamanda, dzina langa lisakhale pa buku lonena bodza. Mwamva? A Prasit akalemba liwu lawolo, andichotsepo." Ndinavomera, monga mmene munthu amavomerera chilichonse kwa wodwala. Koma kuwachotsa pa bukulo kunali kufufuta ntchito imene inawadyera zaka zawo zabwino zonse, ndipo ine ndinalibe mphamvu pa tsamba ngakhale limodzi. Mphamvu yonse inali itatsala m'manja mwa mnzawo wa kuntchito, bambo wa ku Thailand dzina lake Prasit, amene anthu athu ankamutchula kuti a Pulasiti.

A Fanuel anali womasulira mabuku. Kwathu anayamba ngati wothandiza dokotala, kenako anapeza mwayi wokaphunzira za matenda a m'mayiko otentha ku Bangkok. Anzawo anabwerako ndi satifiketi yokha, iwo anabwerako ndi chilankhulo chonse. Titasamukira kuno, ofesi ina ya kafukufuku wa mankhwala inawalemba ntchito pamodzi ndi a Prasit kuti amasulire m'Chingerezi buku lakale la asing'anga a ku Thailand. Akatswiri ankafuna kudziwa zitsamba zimene asing'angawo ankagwiritsa ntchito pa nthenda iliyonse, kuti asankhe zoti akaziyese.

Ntchitoyo ndinaiona ndi maso anga, chifukwa theka lake linkachitikira patebulo langa lodyera. Buku lenilenilo silinabwere kuno. Linali la pepala lakuda la khungwa la mtengo, lopindapinda, lolembedwa ndi choko choyera, ndipo iwo anali ndi zithunzi zake zokha pafilimu. Chithai sichisiya mpata pakati pa mawu, choncho a Prasit, amene anakulira pakachisi asanaphunzire za mankhwala a kuchipatala, ankayamba ndi kuwerenga zolemba zakalezo, kupeza pamene liwu lathera, n'kuzitaipa bwino. A Fanuel ankatenga zimenezo n'kuziika m'Chingerezi. Kenako a Prasit ankadutsamo ndi pensulo yofiira. Dzina lililonse la nthenda, la chitsamba kapena la muyeso linali ndi khadi lake m'bokosi la nsapato, kuti likapezekanso patsogolo alimasulire chimodzimodzi. Anali ndi lamulo lawo awiriwo: liwu la womasulira limakhala pomwepo mpaka wowunika atamugonjetsa ndi umboni wochokera m'buku, iye n'kuvomera ndi pakamwa pake. Ofesi nayo sinkalandira ntchito popanda onse awiri kusaina.

Anagwirizana pa mawu ambirimbiri. A Fanuel ankawatchula a Prasit kuti "phi", kutanthauza achimwene, ndipo Loweruka lililonse bamboyo ankachoka ku Falls Church ndi tsabola wake m'kabotolo kudzadya nafe. Ndiye anafika pa liwu lakuti kasai.

Kasai ndi nthenda yomalizitsa munthu pang'onopang'ono. Amawonda, amatuwa, msana ndi chiuno zimapweteka, miyendo imalemera, mkodzo umafiira, chakudya sichilowa. A Prasit ankati limasuliridwe kuti consumption, dzina lakale la chifuwa chachikulu m'Chingerezi. Sankanena zopanda mutu. Ankati liwulo linachokera ku chilankhulo chakale cha ku India, kumene limatanthauza kutha kapena kuchepa, ndipo asing'anga a kumeneko ankaligwiritsa ntchito pa chifuwa chachikulu. Ankatinso akatswiri sawerenga buku lonse, amangoyang'ana mayina a matenda kumapeto. Akapeza dzina limene sakulidziwa amapitirira, ndipo zitsamba zonse za mutu umenewo sizidzayesedwa mpaka kalekale. "Mukufuna makolo anga akhale zoseketsa za m'myuziyamu," anatero tsiku lina, m'Chingerezi chawo chodekha chija.

A Fanuel ankati liwulo likhale kasai momwemo, pansi pake palembedwe ndemanga yofotokoza. Ankatsegula makadi n'kuwayala patebulo. Bukulo linatchula mitundu ya kasai yoposa makumi awiri, yambiri yotchedwa mayina a zamoyo. Kasai wa nkhanu amaluma m'mimba mukakhala mopanda kanthu, munthu akadya ululu umaleka. Kasai wa lilime la njati ndi chotupa cholimba chotsatira nthiti za kumanja, cha pachiwindi, ndipo pamapeto mimba imadzaza madzi. "Phi, chifuwa chili pati pamenepa?" ankafunsa. A Prasit ankaloza kasai wa chiswe, amene amapweteka pachifuwa, n'kuleka miyezi ingapo, n'kubweranso mpaka munthu kuuma. A Fanuel ankati umenewo ndi mtundu umodzi, ndipo ngakhale pamenepo sanalembe za kutsokomola. Ankati ukalemba consumption, Mmereka amva TB basi, ayesa zitsamba za zilonda za m'mimba pa tizilombo ta TB, alephera, n'kulengeza kuti mankhwala a Athai ndi achabechabe. A ku ofesi anayesa kuwayanjanitsa ndi liwu longotanthauza kuwonda. Onse awiri anakana, tsiku lokhalo limene anagwirizana pa liwuli. A Prasit anati kuwonda si dzina la nthenda, a Fanuel anati wa lilime la njati amafa atatupa.

Ine ndinkadziwa kumene kuuma mutu kwa amuna anga kunachokera. Ali wothandiza dokotala kwathu, mwamuna wowonda akabwera n'kunena kuti akudwala kanyera, lamulo linali lakuti alembe TB. Iwo sankakhulupirira kuti kanyera amabwera mmene akuluakulu amanenera. Koma ankati ukangosintha dzina limene wodwala wabwera nalo, wasiya kumumvera, ndipo anaona anthu a shuga ndi a njoka za m'mimba akumwa mankhwala a chifuwa mpaka kumanda. Anawauza a Prasit zimenezi. A Prasit anayankha kuti Thailand si Malawi. Kuyambira tsiku limenelo "phi" anatha, Loweruka linakhala lathu tokha, ndipo buku linaima. Amuna awiri aakulu, a imvi zawo, kusiya kudyera limodzi chifukwa cha liwu limodzi! Ndinkawaseka poyamba. Pamene a Fanuel anayamba kuwonda, ndinasiya kuseka.

Kutacha, anthu anayamba kufika. Galimoto zinadzaza msewu wathu mbali zonse. Anabwera ana a sukulu a ku College Park atapanikizana m'galimoto imodzi yakutha, anabwera a ku Baltimore, anabwera a ku Zambia ndi mapoto awoawo. Aliyense ankavula nsapato zamatope pakhomo, kugwada pamene ndinakhala, n'kundigwira dzanja. Manja onse anali ozizira. Mayi wina wa ku Lusaka anandinong'oneza kuti, "Limbani chabe, amai, ni so vamene vimankhalira." Ndinagwedeza mutu. Mwana wathu Tamanda ankalandira majasi, akuyankha aliyense m'Chingerezi ngakhale amene anamupepesa m'Chichewa. Kunja kunayamba kugwa timatalala tosakanikirana ndi mvula.

Pambali panga panali alamu anga a Esinati, mlongo wawo wamkulu wa a Fanuel, amene anachokera ku Lilongwe kudzaika malirowo. Anali asanakhululuke kuti malirowo sanapite kumudzi, ngakhale anali a Fanuel eniake amene anasankha kugona pafupi ndi mwana wawo. Nkhani ya kasai inali itawapeza usiku womwe anatera. Wina anawatsina khutu kuti malemu anakangana ndi munthu wa mabuku a zitsamba, kuti atangokangana anayamba kuwonda, ndiponso kuti masiku omaliza ankangobwebweta liwu lachilendo. Kwa alamu anga masamu anali atatha pomwepo. Ndinayesa kufotokoza kuti linali liwu la m'buku, iwo n'kundifunsa kuti, "Buku la chiyani?" Nditati la mankhwala azitsamba, anangoti, "Eyatu," n'kumanga chitenje.

Tinapita kunyumba yachisoni kukaona nkhope. Chipinda chake chinali chofunda kwambiri, cha kapeti yofewa ndi maluwa osanunkhira. A Fanuel anali atavekedwa suti yabuluu imene inali itawakulira, ndipo ogwira ntchito kumeneko anaipinda kumsana kuti isaoneke. Ndinakhala kumutu kwa bokosi. Anthu ankadutsa pamzere, amayi akulira mokweza, azungu a kuntchito akuyang'ana pansi ngati alakwa. Ine ndinkayang'ana taye. Anaimanga mfundo yaikulu imene a Fanuel sakanaivomera, ndipo ndinaganiza za mfundoyo nthawi yaitali.

A Prasit anali chakumapeto kwa mzere. Ndinali nditawaona kamodzi kokha chiyambire matenda, m'khonde la chipatala, a Fanuel atasiya kale kuzindikira anthu. Tsiku limenelo anali ndi mapepala kukhwapa, ndipo ndinawabweza pakhomo, mtima ukundiwawa kuti munthu angabweretse ntchito kwa mnzake amene akutsirizika. Tsopano anali atavala zakuda zokhazokha, atakalamba kuposa mmene ndinkawakumbukira. Atafika pabokosi sanadutse. Anaphatikiza manja pachifuwa, n'kuwerama, kenako anatulutsa m'thumba la jasi kabotolo ka madzi ndi kambale kasiliva.

Alamu anga anaimirira ngati awaponda. "Akufuna atani ameneyu? Iwe, gwirani munthuyo! Wamupha, ndiye akufuna adzamutsirike?" Abambo awiri anayandikira. Nyimbo inaduka pakati. A Prasit sanamve Chichewacho, koma nkhope za anthu sizifuna womasulira. Anatembenukira kwa ine n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi Chisale, kwathu timathira madzi onunkhira padzanja lamanja la womwalira. Ndi kupepesana. Ndimamupempha andikhululukire, nanenso ndimamukhululukira, kuti apite wopanda mangawa ndi munthu. Sindigwira china chilichonse. Dzanja lokha."

Mwambowo ndinkaudziwa. A Fanuel anandifotokozerapo kalekale, akuti ndi chinthu chokongola kwambiri chimene anaona ku Bangkok. Ndinkadziwa kuti m'kabotolomo munalibe choipa. Liwu langa limodzi likanawakhazika pansi alamu anga, chifukwa ngakhale ukali wawo, mwamuna anali wanga. Chipinda chonse chinkadikira ine, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa mwanga si chimene ankayembekezera.

"Mukuvomera tsopano kuti amuna anga ananena zoona?"

A Prasit anayang'ana nkhope ya mnzawo, kenako ine. Bodza laling'ono likanakwanira. Aliyense wa ife akanalinena, pamaliro timanena mabodza okoma ambirimbiri.

"Ayi, mayi," anatero. "Analakwitsa. Liwulo ndi consumption."

"Ndiye bwezani madzi anuwo m'thumba."

Sindinakweze mawu. Sindinapse mtima n'komwe. Anawerama kachiwiri, n'kubweza kabotolo ndi kambale, n'kupita kukaima kumbuyo. Alamu anga anandigwira phewa mwamphamvu, koyamba chifikireni, n'kunena kuti, "Mwachita bwino, mlamu." Wina anayambitsanso nyimbo. Bambo wa nyumba yachisoni anabwera ndi kakiyi kake, natseka bokosi.

Za kutchalitchi ndikukumbukira zochepa. Tinabwereka tchalitchi cha azungu, ndipo abusa awo anavutika ndi dzina lathu mpaka anangoti M'bale Fanuel. Mkulu wa mpingo wa kwathu anawerenga mbiri ya malemu: kumene anabadwira, sukulu, ukwati, mwana mmodzi. Pa ntchito anangoti anali womasulira mabuku a zachipatala. Kwathu pamafunika wolankhula m'malo mwa a kuntchito, ndipo aliyense ankadziwa amene anayenera kuimirira, koma dzina lake linadumphidwa. M'malo mwake analankhula mayi wina wa ku ofesi, amene anati malemu anali munthu wosamala kwambiri pa mawu. Anthu ena kumbuyo anatsokomola.

Ulendo wa kumanda unali wa galimoto zoyatsa nyali masana, wapolisi wa njinga yamoto ali patsogolo. Tinadutsa pafupi ndi masitolo aakulu a ku Wheaton, anthu akukankha ngolo zawo za katundu, ena akuima kutiyang'ana, ambiri osatembenuka. Kwathu munthu amatsika panjinga maliro akamadutsa. Sindinawaone ngati olakwa. Ndinkawerenga zikwangwani za mitengo yotsitsidwa ngati kuti ndidzafunsidwa mayeso.

Kumanda kunalibe adzukulu. Dzenje linali litakumbidwa ndi thirakitala chifukwa nthaka inali gwa ndi chisanu, ndipo dothi analiphimba ndi nsalu yobiriwira yonga udzu kuti lisatikhumudwitse. Thirakitalayo inaima patali pang'ono, woyendetsa ali m'kati akusuta fodya. Matalala anali atasanduka mvula yeniyeni. Bokosi linatsika lokha pa malamba, mosagwedezeka. Abambo athu anakana kuchoka dzenje lili pululu monga amachitira kuno. Anakambirana ndi a kumanda mpaka anawapatsa mafosholo awiri, ndipo anasinthana kukwirira, masuti akuthimbirira matope, nsapato za ku ofesi zikumira. Chimenechi chinandikhudza pang'ono, ngati dzanzi likamayamba kutha m'mwendo, koma dzanzilo linabwereranso.

Poika nkhata anaitana mkazi wa malemu, mwana, alongo, a mpingo, a ku Zambia, ana a sukulu. A Prasit anaima pansi pa mtengo wopanda masamba, kutali ndi tenti, opanda ambulera. Sanayandikire ndipo palibe anawaitana. Pamene tinkabwerera kugalimoto anali akadali pomwepo.

Kunyumba anthu anasamba m'manja pakhomo, m'beseni la madzi ofunda limene amayi anaika pa masitepe, n'kulowa kukadya. Nyumba inadzaza nthunzi ya majasi onyowa. Mawu anayamba kukwera, monga zimakhalira anthu akaika maliro n'kukhuta. Kuchipinda chapansi ndinamva abambo akukangana za mpira, wina mpaka kuseka, ndipo sindinadandaule. Anandipatsa mbale, ndinaigwira mpaka inazizira, wina n'kudzaichotsa. Kenako anayamba kutsazika, a kutali poyamba. Aliyense ankati adzabweranso, ndipo ena anabweradi. Pofika madzulo mipando inali itabwerera m'malo mwake, mbaula zitazimitsidwa, alamu anga atagona m'chipinda cha alendo ndi mutu. Tamanda anaperekeza anzake.

Belu la pakhomo linalira kukuyamba kuda. Ndinatsegula ndekha. Anali a Prasit, tsitsi lili nyowe, manja ali m'matumba. Ndinaganiza zotseka, koma munthu wochokera kumanda sabwezedwa pakhomo. Beseni linali likadali pa masitepe, madzi atazizira. Ndinawalozera, anasamba m'manja osafunsa chifukwa chake, n'kulowa. Anakana mpando wa pabalaza, anakakhala patebulo lodyera, pamalo pawo pa kale. Ndinawaikira tiyi chifukwa manja anga sankadziwa china chochita.

"Sindikhalitsa," anatero. "Ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa a ku ofesi. Iwo anandiuza kuti poti a Fanuel kulibe, nditsirize ndekha, ndisankhe liwu, adzalandira siginecha yanga yokha. Ndinapereka bukulo dzulo."

Ndinakhala pansi. Ndinali nditakonzeka kuwauza kuti achotse dzina la amuna anga, ndipo mawuwo anali kale pakamwa.

"Ndasiya kasai," anatero. "Paliponse pamene a Fanuel analemba kasai, pali kasai. Ndemanga yawo ya pansi ilinso momwemo, sindinasinthe ngakhale kadontho. Ndasaina kuti ntchito yatha, koma ndapempha a ku ofesi achotse dzina langa pachikuto. Padzakhala la a Fanuel lokha."

"Koma mmawa munati analakwitsa."

"Analakwitsadi. Akatswiri adzalidumpha liwulo, ndipo zitsamba zija palibe adzaziyese. Ndikukhulupirira zimenezo lero monga kale, n'chifukwa chake dzina langa silingakhalepo."

"Nanga mwasiyiranji liwu lawo?"

Anazunguza supuni m'kapu ngakhale sanathire shuga. Anati funso lomaliza limene a Fanuel anawasiyira linali lakuti awaonetse malo amodzi okha pamene wodwala kasai akutsokomola magazi. Anafufuza miyezi yambiri, mpaka mnzawo wina ku Thailand anawatumizira zithunzi za buku lina lakale la nthenda yomweyo, lokopedwa ndi sing'anga wina. Pansi pa kasai wa chiswe, sing'angayo anawonjezera mzere wonena za chifuwa ndi magazi. Amenewo ndiwo anali mapepala a m'khonde la chipatala aja.

"Mwina a Fanuel akanavomera," anatero a Prasit. "Mwina akanati ndi mtundu umodzi mwa makumi awiri, ndipo wolemba mzerewo ndi munthu mmodzi. Ndikuganiza kuti akanatero, mukuwadziwa. Ndikanawayankha, iwo n'kundiyankhanso. Koma lamulo lathu linali lakuti liwu la womasulira silichoka mpaka iye mwini atavomera. Sanavomere."

"Bwanji simunanene zimenezi mmawa? Ndikanakulolani."

"Ndikudziwa. Koma simunandifunse zimene ndalemba, munandifunsa zimene ndikukhulupirira. Ndipo sindikanafuna kugula dzanja la a Fanuel ndi liwu. Akanandinyoza."

Apo ndinamva chisoni, chenicheni, koyamba tsiku lonse. Sichinali cha amuna anga. Chinali cha bambo wokalambayu, amene anapereka zonse dzulo lake, n'kubwera mmawa kudzapempha kanthu kakang'ono, ine n'kumukaniza pamaso pa anthu. Ndinafuna kunena kuti pepani, koma bokosi linali pansi pa dothi, ndipo pepani wanga sakanalitsegula. Ndinafunsa funso lopusa m'malo mwake, limene ndikuganiza kuti a Fanuel akanafuna kumva yankho lake.

"Ndiye kuti amuna anga apambana?"

"Ayi, mayi," anatero, akuimirira. "Amwalira."

Anavala jasi lawo lonyowa, anawerama pakhomo manja ataphatikiza, n'kupita. Ndinamva galimoto yawo ikuvuta kulira ndi kuzizira, kenako inalira, n'kumka.

Ndinatsala patebulo. M'nyumba munali zii, kupatula firiji ndi mkonono wa alamu anga kuseri kwa khoma. Chimene amuna anga anandipempha chinali chitachitika, chonse, kuposa mmene anapemphera. Ndinatembenukira kumpando wawo kuti ndiwauze.